Msonkho wa pachipata: uwerengedwe katundu asanapikulidwe

Wamalonda amene amapikula katundu kunja amaudziwa bwino mtengo umene wagulira. Amadziwanso mtengo umene akagulitsire ku Tsoka, ku Limbe kapena ku Taifa. Chimene ambiri amachidziwa mochedwa ndi ndalama ya pakati, imene imatsala pachipata cha m'malire. Amaidziwa katundu atatsitsidwa kale m'basi, mpamba wonse utalowa m'makatoni, ndipo pamenepo palibenso kubwerera m'mbuyo.

Komatu ndalama imeneyi siituluka m'mutu mwa ofisala wa bungwe lotolera misonkho la MRA. Imatuluka pa mayankho a mafunso atatu. Funso loyamba ndi lakuti katunduyo ndi wa ndalama zingati. Lachiwiri ndi lakuti katunduyo ndi chiyani kwenikweni. Lachitatu ndi lakuti anapangidwira kuti. Mayankho onse atatu wamalonda akhoza kuwapeza akadali m'sitolo mmene akupikula, asanatulutse ndalama ina iliyonse.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, itsata katundu mmodzi kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Mayi wina wa geni wapita ku Lusaka, wapikula mapeyala 1,000 a mapatapata ku Kamwala, ndipo akulowa nawo m'dziko muno kudzera pa chipata cha Mchinji. Mitengo yonse ya m'chitsanzochi ndi yongoyerekeza, ndipo yalembedwa m'makwacha a Malawi kuti masamu asavute.

Funso loyamba: katunduyo ndi wa ndalama zingati?

Lamulo limene Malawi amatsata, pamodzi ndi maiko ena a m'bungwe la zamalonda la dziko lonse la WTO, limayambira pa mtengo weniweni umene wogula walipira kapena adzalipira. Mtengo umenewu ndi umene uli pa lisiti kapena pa invoyisi. Mayi uja wagula peyala iliyonse pa K2,000, choncho lisiti lake likuonetsa ndalama yofanana ndi K2,000,000.

Koma msonkho suwerengedwa pa K2,000,000 yokhayo. Pa mtengo wogulira amaonjezerapo ndalama zimene zalowa kuti katunduyo afike pachipata cha dziko lino. Ndalama zimenezi ndi za thiransipoti, za inshuwalansi, za makatoni kapena matumba olongedzeramo, ndiponso za anyamata okweza katundu m'galimoto. Zonsezi zikaphatikizidwa, mtengo umene umatuluka ndi umene pa mapepala a kasitomu amaulemba kuti CIF.

Mayi uja walipira K150,000 ya thiransipoti kuchokera ku Lusaka kufika pa Mchinji. Walipira K30,000 yolongedzera ndi kukwezera, komanso K20,000 ya inshuwalansi. Zoonjezerazi zakwana K200,000. Mtengo wowerengera msonkho ndi K2,200,000.

Apa pali malire ofunika kuwadziwa. Thiransipoti ya kuchokera pachipata kulowa m'kati mwa dziko siyenera kulowa m'mtengo umenewu, bola ikhale yoonekera payokha. Ngati woyendetsa galimoto walemba lisiti limodzi la ulendo wonse wa Lusaka mpaka Lilongwe, ndi kovuta kuti ofisala alekanitse gawo la kunja ndi la kuno. Wamalonda wochenjera amapempha kuti lisiti lionetse magawo awiriwo padera.

Chinanso ndi kasinthidwe ka ndalama. Lisiti la ku Lusaka limalembedwa m'makwacha a ku Zambia, la ku Kariakoo m'mashilingi, la ku Joni m'marandi. A kasitomu amasintha ndalamazi ndi mtengo wao wovomerezeka umene uli m'makina a ASYCUDA World pa nthawi imene katundu akulembetsedwa. Sagwiritsa ntchito mtengo umene wamalonda anasinthira ndalama panjira. Choncho pofuna kudziwa msonkho, mtengo woyenera kufunsa ndi wa kasitomu, pomwe pofuna kudziwa phindu, mtengo woyenera kuwerengera ndi umene munthu anasinthira iye mwini. Awiriwa akasakanizidwa, masamu onse amasokonekera.

Ofisala akakayikira lisiti

Ogulitsa ena amadzipereka okha kulemba lisiti la mtengo wotsika, ati pothandiza kasitomala wao. Lisiti loterolo kawirikawiri silipita patali. Mapatapata ofanana ndi amenewo amadutsa pachipata chomwecho nthawi ndi nthawi, ndipo mitengo yake imakhala m'makina. Lisiti la K900 pa peyala, pamene ena onse akulembetsa pafupi ndi K2,000, limadziulula lokha.

Ofisala akakayikira, amayamba wafunsa umboni wina wosonyeza kuti ndalama imene yalembedwayo ndiyo inalipiridwadi. Umboniwo ukhoza kukhala pepala la ku banki, uthenga wa pafoni wotumizira ndalama, kapena makalata okambirana mtengo ndi wogulitsa. Umboni ukasowa, lamulo limamulola kusiya lisitilo ndi kupeza mtengo m'njira zina, zimene zili ndi ndondomeko yake. Amayamba ndi mtengo wa katundu wofanana ndendende amene analowa pa nthawi yomweyo kuchokera ku dziko lomwelo. Akasowa ameneyo, amatenga wa katundu wofananako, wogwira ntchito yomweyo. Zimenezi zikalephereka, amayambira pa mtengo umene katunduyo amagulitsidwira kuno n'kuchotsapo phindu, misonkho ndi thiransipoti ya m'dziko muno, kapena amawerengera ndalama zimene zimalowa popanga katunduyo. Njira yomaliza ndi kugwiritsa ntchito njira zomwezi mosaumirira kwambiri, koma ngakhale pamenepo lamulo sililola mtengo wongopeka.

Izi zikutanthauza zinthu ziwiri. Wonama amataya mwayi woti mtengo wake weniweni umveke, ndipo pamwamba pa msonkho wonse amakumana ndi chindapusa, mwinanso kulandidwa katundu. Koma wonena zoona amene anapezadi mtengo wotsika, mwina chifukwa chopikula wambiri kapena chifukwa sitolo inali kutsitsa mitengo, ali ndi poimira. Ali ndi ufulu wopempha kuti amulembere mmene mtengo watsopanowo wapezekera, ndiponso wokadandaula kwa akuluakulu a MRA. Chimene chimamupulumutsa ndi mapepala amene anasunga, osati kukweza mawu pa windo.

Funso lachiwiri: katunduyo ndi chiyani?

Kwa wogulitsa pamsika, nsapato ndi nsapato. Kwa a kasitomu, katundu aliyense ali ndi nambala yake m'buku la misonkho ya pachipata. Manambalawa amachokera m'ndondomeko yotchedwa HS, imene imasamalidwa ndi bungwe la makasitomu a dziko lonse ku Brussels, ndipo inayamba kugwira ntchito mu 1988. Manambala asanu ndi limodzi oyamba ndi ofanana m'maiko onse amene amaitsata. Dziko lililonse limaonjezera manambala ake kumapeto, ndipo ndi pa mzere womalizawo pamene pamalembedwa peresenti ya msonkho.

Nsapato zonse zatsopano zili m'mutu 64. M'kati mwa mutuwu zimagawidwa potengera zinthu ziwiri, chimene chapanga soli ndi chimene chapanga pamwamba. Majombo osalowa madzi, a labala kapena pulasitiki, ali pa 64.01. Nsapato zina zimene soli ndi pamwamba pomwe n'za labala kapena pulasitiki zili pa 64.02. Za chikopa pamwamba zili pa 64.03, ndipo za nsalu pamwamba zili pa 64.04. Mapatapata a mayi uja, amene zingwe zake zimalowa m'mabowo a soli n'kugwira ndi timitu pansi, ali ndi mzere waowao, 6402.20.

Nsapato zambiri zimasakaniza zipangizo, ndipo lamulo lake lilipo. Pamwamba pa nsapato amaona chipangizo chimene chatenga malo aakulu kunja, osawerengera tokongoletsa, tizitsulo ta zingwe kapena chizindikiro cha kampani. Pa soli amaona chipangizo chimene chimagunda pansi kwambiri. Nsapato ya nsalu yokhala ndi kachikopa kakang'ono kutsogolo ikadali ya nsalu. Nsapato yonyezimira ngati chikopa koma ili ya pulasitiki ndi ya pa 64.02, ngakhale wogulitsa atalumbira kuti n'chikopa chenicheni. Ndipo nsapato za kaunjika sizili m'mutu 64 n'komwe. Zikakhala zooneka kuti zinavalidwadi, ndipo zabwera m'mabelo kapena m'matumba, zili pa 63.09 pamodzi ndi zovala za kaunjika.

Nambalayi siingosankha peresenti ya msonkho wolowetsera katundu yokha. Pa mzere womwewo ndi pamene pamaoneka ngati katunduyo ali ndi msonkho wa ekisaizi, ngati amalipira VAT, komanso msonkho wake akachokera m'maiko a COMESA kapena a SADC. Nambala yomweyo ndi imene imasonyeza ngati katunduyo amafuna chilolezo asanalowe. Ikalakwika nambala, zonsezi zimalakwika nayo limodzi.

Vuto lalikulu limayambira pa malisiti olembedwa mwachidule. Lisiti longoti “nsapato, makatoni 20” kapena “katundu wosiyanasiyana” silipereka nambala ina iliyonse. Ofisala amayenera kutsegula makatoni, kuwerenga ndi kusankha yekha, ndipo tsiku limathera pomwepo. Lisiti labwino limatchula mtundu uliwonse pa mzere wake, chimene wapangidwa nacho, kuchuluka kwake ndi mtengo wake. Mayi uja akanakhala kuti m'makatoni omwewo anaikamo majombo 50 ndi nsapato za nsalu 100, katundu wake akanakhala wa manambala atatu, ndipo uliwonse ukanawerengedwa paokha.

Masamu ake: msonkho umakwera pa msonkho unzake

Mtengo wapezeka, nambala yapezeka. Mapatapata a mayi uja anapangidwira ku China, choncho alipira msonkho wamba. M'buku la misonkho la dziko lino katundu wambiri wopangidwa kale, wongofikira kugulitsidwa, amakhala pa 25 peresenti, pomwe zipangizo za m'mafakitale ndi makina zimakhala pa peresenti yotsika kapena zaulere. Chitsanzochi chitenga 25 peresenti. Pa VAT chitenga 16.5 peresenti, imene inagwira ntchito kwa zaka zambiri m'mbuyomu. Maperesenti amenewa amasintha ndi ndondomeko ya zachuma ya boma, choncho wowerengera ulendo wake aike amene akugwira ntchito tsikulo. Njira yowerengera ndiyo siisintha.

Choyamba ndi msonkho wolowetsera katundu. Gawo la 25 peresenti la K2,200,000 ndi K550,000.

Chachiwiri ndi VAT, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. VAT siiwerengedwa pa K2,200,000. Imawerengedwa pa mtengo wa katundu ataphatikizapo msonkho woyamba uja, kutanthauza pa K2,750,000. Gawo la 16.5 peresenti la ndalama imeneyi ndi K453,750.

Misonkho iwiriyi pamodzi ndi K1,003,750. Mayi uja akanangophatikiza 25 ndi 16.5 n'kupeza 41.5 peresenti, kenako n'kuiwerengera pa K2,000,000 ya pa lisiti, akanakonzekera K830,000. Akanafika pa windo ataperewera K173,750. Kupereweraku kwachokera pa zinthu ziwiri zokha, thiransipoti ndi zoonjezera zina zija zimene anaziiwala, ndi VAT imene yakwera pamwamba pa msonkho unzake.

Mapatapata 1,000 aja tsopano amudya K3,203,750. Peyala imene anagula pa K2,000 yafika pa Mchinji ili pafupifupi K3,204, ndipo apo sanalipire ajenti, thiransipoti ya ku Lilongwe, kapena chiphaso cha pamsika. Msonkho wokha watenga theka la ndalama imene anapikulira.

Katundu wina amakhalanso ndi ekisaizi, ndipo iye amalowa pakati. Amawerengedwa pa mtengo wa katundu ataphatikizapo msonkho wolowetsera, kenako VAT imawerengedwa pa zonse zitatu. Katundu wa mtengo womwewo wa K2,200,000 akanakhala ndi ekisaizi wa 10 peresenti, ekisaiziyo akanakhala K275,000, VAT ikanakwera kufika pa K499,125, ndipo misonkho yonse ikanakwana K1,324,125. Imeneyi ndi 60 peresenti ya mtengo wa katundu, pamene kungophatikiza maperesenti atatuwo kumapereka 51.5.

Pali njira yachidule yochitira masamuwa pa foni munthu ali m'sitolo. M'malo mophatikiza maperesenti, amachulukitsa motsatizana.

```
2,200,000 x 1.25 x 1.165 = 3,203,750
```

Yankho lake ndi mtengo wa katundu pamodzi ndi misonkho. Kugawa ndi chiwerengero cha mapeyala kumapereka mtengo wa peyala imodzi ikadutsa pachipata. Pa pepala lolipirira pakhoza kuonekanso ndalama zina, monga yokonzera mapepala ndi msonkho wa pa phindu wolipiriratu. Zimenezi zili ndi malamulo akeake, ndipo ajenti kapena ofisala amazitchula akafunsidwa.

Funso lachitatu: anapangidwira kuti?

Funso ili ndi limene lingachotse K550,000 yonse ija, ndipo ndi limene amalonda ambiri amalimva molakwika. Malawi ndi Zambia onse ali m'bungwe la COMESA, ndipo onse anali m'gulu la maiko amene anayamba kuchita malonda osalipiritsana msonkho wolowetsera katundu pa 31 Okutobala 2000. Ena akamva zimenezi amaganiza kuti chilichonse chogulidwa ku Lusaka chimalowa ulere. Si choncho. Lamulo silifunsa kumene katundu wagulidwa. Limafunsa kumene wapangidwira. Mapatapata a ku China akhoza kukhala m'sitolo ya ku Kamwala chaka chathunthu, koma akadali a ku China.

COMESA ili ndi njira zingapo zimene katundu amayesedwera kuti ndi wa m'dziko la membala, ndipo kukwanitsa imodzi n'kokwanira. Yosavuta ndi ya katundu amene zonse za iye n'zakomweko, monga mbewu zolimidwa kumeneko, nsomba zogwidwa m'nyanja zakumeneko ndi miyala yokumbidwa kumeneko. Za katundu wa m'fakitale, amene zipangizo zake zina zimachokera kunja, njira zodziwika ndi zitatu. Zipangizo zochokera kunja kwa COMESA zisapitirire 60 peresenti ya mtengo wa zipangizo zonse. Kapena ntchito yochitikira m'dzikomo ionjezere mtengo wosachepera 35 peresenti ya ndalama zonse zopangira katunduyo mpaka potuluka pa geti la fakitale. Kapena, pa katundu amene maiko anagwirizana, chopangidwacho chigwere pa nambala ina ya HS yosiyana ndi ya zipangizo zimene zinachokera kunja.

Njira ya 35 peresenti imaoneka bwino ndi chitsanzo. Fakitale ya ku Lusaka ikupanga peyala ya mapatapata ndi ndalama zokwana K100. Mwa ndalamazi, K60 yapita ku labala wochokera kunja kwa COMESA, ndipo K40 yapita ku malipiro a antchito, magetsi, makina ndi zipangizo zakomweko. Mtengo woonjezeredwa ndi 40 peresenti, choncho mapatapatawo ndi a ku Zambia. Fakitale ina ikungoitanitsa mapatapata athunthu kuchokera kunja, n'kuwamanga awiriawiri, kuwamata dzina ndi kuwaika m'majumbo. Amenewo sasanduka a ku Zambia. Malamulo amanena poyera kuti kulongedza, kumata chizindikiro, kusankhula kapena kugawa katundu m'timapaketi si kupanga.

Kukwanitsa lamulo kokha sikokwanira. Pachipata pamafunika umboni, ndipo umboniwo ndi satifiketi ya COMESA yosonyeza kumene katundu wapangidwira. Imaperekedwa ndi ofesi yovomerezeka ya dziko limene katundu akuchokera, ndipo ku Zambia ndi bungwe lao lotolera misonkho la ZRA. Zolembedwa pa satifiketi ziyenera kugwirizana ndi za pa invoyisi ndi zimene zili m'makatoni, kuyambira dzina la katundu, nambala yake, mpaka kuchuluka kwake. Satifiketi yonena mapeyala 800 siiphimba mapeyala 1,000. Satifiketi yonena Zambia, pamene pansi pa soli padindidwa dzina la dziko lina, imabweretsa mlandu m'malo mwa mpumulo.

Wotchipa m'sitolo, wodula pachipata

Phindu la funso lachitatuli limaoneka masamu akabwerezedwa. Mayi uja ali ku Lusaka wapeza mapatapata a mitundu iwiri. A ku China ali pa K2,000. Opangidwa ku Zambia, okhala ndi satifiketi, ali pa K2,400. Diso la m'sitolo likuti a ku China ndi otchipa ndi K400 pa peyala.

Mapeyala 1,000 a ku Zambia ndi K2,400,000. Thiransipoti ndi zina zija ndi K200,000 yomweyo, choncho mtengo wowerengera msonkho ndi K2,600,000. Msonkho wolowetsera palibe. VAT ilipobe, chifukwa satifiketi imachotsa msonkho wolowetsera wokha, siichotsa VAT kapena ekisaizi. Gawo la 16.5 peresenti la K2,600,000 ndi K429,000. Zonse pamodzi ndi K3,029,000, kutanthauza K3,029 pa peyala.

A ku China anafika pa K3,204. A ku Zambia afika pa K3,029. Amene anali odula ndi K400 m'sitolo atchipa ndi K175 pa Mchinji, ndipo pa ulendo wonse mayi uja wasunga K174,750. Komanso ndalama imene ayenera kukhala nayo m'manja pa windo yatsika kuchoka pa K1,003,750 kufika pa K429,000.

Mwayi umenewu uli ndi malire ake, ndipo amawerengeka. Pa msonkho wa 25 peresenti, katundu wa satifiketi amapambana malinga ngati mtengo wake wofikira pachipata sunapitirire wa mnzakeyo ndi gawo limodzi mwa magawo anai. M'chitsanzochi malirewo ndi K2,750,000, kapena K2,550 pa peyala m'sitolo. Wogulitsa akatchula K2,700, a ku China amakhalanso otchipa ngakhale atalipira msonkho wonse. Ndipo ngati satifiketi itakanidwa pachipata, mapatapata a K2,400 aja amalipira 25 peresenti monga ena onse, n'kufika pa K3,786 peyala imodzi. Choncho lonjezo la pakamwa lakuti pepala lidzatumizidwa pambuyo si loti munthu aikirepo mpamba wake.

Chipata chilichonse ndi pangano lake

Satifiketi yoyenera imatengera dziko. Zambia ndi Zimbabwe ali m'COMESA ndi m'SADC momwe. Kenya ndi Egypt ali m'COMESA koma osati m'SADC. Tanzania inatuluka m'COMESA mu 2000, choncho katundu wopangidwa kumeneko wolowera pa Songwe amadalira satifiketi ya SADC. Chimodzimodzi wa ku Mozambique ndi wa ku South Africa wolowera pa Mwanza, pa Dedza kapena pa Muloza. Malamulo a SADC si ofanana ndi a COMESA. Iwo amapereka lamulo lake pa mtundu uliwonse wa katundu, ndipo pa nsalu ndi zovala ndi okhwima kwambiri. Chitenje chodindidwa m'dziko la SADC pa nsalu yoyera yochokera ku Asia chikhoza kulephera, ngakhale dzina la fakitale yakomweko lili m'mphepete mwake.

Ichi n'chifukwa chake wopikula ku Kariakoo kapena ku Joni ayenera kusamala. Katundu wambiri wa m'misika imeneyi anangodutsiramo kuchokera kutsidya kwa nyanja, ndipo pachipata amalipira msonkho wamba.

Kwa amalonda ang'onoang'ono, COMESA inakonza njira yofewetsa imene pa zikwangwani za pachipata imalembedwa kuti STR. Malawi amaigwiritsa ntchito ndi Zambia ndi Zimbabwe. Wamalonda safunika kukatenga satifiketi yaikulu ku tauni, chifukwa amapatsidwa yachidule pachipata pomwepo, pamodzi ndi fomu yachidule yolembetsera katundu. Koma njirayi ili ndi zofunika ziwiri. Katundu akhale pa mndandanda umene maiko awiriwo anagwirizana, ndipo mtengo wa katundu yense wa ulendowo usapitirire malire amene anaikidwa m'madola a ku America. Mndandanda ndi malirewo amapezeka pa desiki lothandiza amalonda la pachipata. Njirayi imafewetsa mapepala okha. Siisandutsa katundu wa ku China kukhala wa ku Zambia, ndipo siichotsa VAT kapena zilolezo za mbewu ndi ziweto.

Pepala lisanalipiridwe

Katundu wochuluka amalembetsedwa pa Fomu 12 kudzera kwa ajenti wovomerezeka. Ajenti ndiye amalemba, koma mwini katundu ndiye amalipira, ndipo zolakwika zikapezeka msonkho wotsala umamutsata iyeyo. Pepala lowerengera msonkho likatuluka, mizere inai ndiyo yofunika kuiona asanapereke ndalama. Mtengo wa CIF ugwirizane ndi malisiti. Nambala ya HS igwirizane ndi katundu amene ali m'makatoni. Dziko lopangira likhale lolondola. Ndipo ngati pali satifiketi, mzere wa msonkho wolowetsera uonetse kuti yagwiritsidwa ntchito. Mzere umodzi ukasiyana ndi masamu a pa foni aja, nthawi yofunsa ndi yomweyo, pakuti kukonza pepala lisanalipiridwe n'kosavuta poyerekeza ndi kulondola ndalama imene yalowa kale.

Akulu anati safunsa anadya phula. Pa malonda a kunja, mafunso ofunika amafunsidwa kawiri. Ulendo usanayambe, ku ofesi ya MRA kapena kwa ajenti, wamalonda amafunsa nambala ya katundu amene akufuna, maperesenti ake ndi mtengo wosinthira ndalama. Akafika m'sitolo, amafunsa wogulitsa kumene katunduyo anapangidwira, ngati satifiketi ilipo, ndipo amapempha lisiti lotchula zonse mwatsatanetsatane. Ndi mayankho amenewa, mtengo wa peyala imodzi pa benchi la pamsika umadziwika katoni yoyamba isanamangidwe.